Mnzanu wapata kontirakiti yayikulu: mumuyamikire bwanji osaoneka ngati mwabwera kudzapempha?

Funso: Ndili ndi malole awiri, ina ya matani 10 ina ya matani 7, ndipo ndimaperekera mchenga ndi kwale kwa anthu omanga mu Blantyre muno. Mkulu wina yemwe ndakhala ndikumututira katundu kwa zaka zitatu wapambana tenda yomanga midadada ya sukulu ku Chiradzulu. Dzina la kampani yake ndaliona m'nyuzipepala. Ndikufuna kumuyamikira, komanso ntchito yotuta katundu ndikuifuna. Ndilankhule bwanji kuti ndisaoneke wadyera? Ndine wowerenga wa ku Chirimba.

Yankho: Achimwene, musanatenge foni, bwererani kaye ku nyuzipepala ija mukawerenge bwino zomwe zalembedwa pamwamba pa dzina la kampaniyo. Pa ntchito zaboma, chomwe chimayamba kutuluka m'nyuzipepala kawirikawiri ndi chidziwitso chakuti akufuna kupereka kontirakiti kwa wakutiwakuti, osati chakuti asainirana kale. Chikatuluka pamakhala masiku odikira, nthawi zambiri 14, oti amene sanapambane akhale ndi mpata wodandaula ngati akuona kuti china sichinayende bwino. Dandaulo likalowa, ntchito imatha kuima, nkhani n'kukafika ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito zaboma, ndipo nthawi zina tenda imabwerezedwa. Ndiye ngati chomwe mwaona ndi chidziwitso chamtunduwu, mkuluyo pakali pano ali ndi chimwemwe chosakanikirana ndi nkhawa. Muyamikireni ndithu, koma inu awiri basi. Musalembe pa gulu la amalonda anzanu kapena pamasamba a mchezo kuti aliyense aone. Kuyamikira kwa pagulu kumamudzutsira onse amene ali nawo ngongole, achibale ofuna fizi ndi anyamata ofuna ganyu, pamene iye sanalandire ngakhale tambala. Zikadzasokonekera, manyazi ake adzakumbukira kuti anawakuza ndinu.

Mfundo yanga yayikulu ndi iyi: kuyamikira ndi kufuna ntchito ndi maulendo awiri, ndipo musawayende tsiku limodzi. Patsiku loyamikira mumangosiya chitseko chosatseka. Za ntchito mudzabwera nazo tsiku lina, mutakonzeka.

Taganizani momwe foni ya mkuluyo ilili sabata ino. Mauthenga ochuluka omwe akulandira akutha ndi mawu amodzimodzi: "Bwana musatiyiwale." Mawu amenewa amamveka aulemu, koma amachita zinthu ziwiri zoipa. Amasandutsa kuyamikira kuja kukhala ngongole yoti munthu abweze, komanso samuuza chilichonse chomwe mungamuthandize nacho. Iye amangoyankha kuti "zikomo, tilankhulana," n'kukuikani m'gulu la opempha. Inu muli ndi chinthu chomwe ambiri mwa iwo alibe, zaka zitatu zogwirira ntchito limodzi. Musazitaye polankhula ngati mlendo.

Popeza ndi wamkulu kwa inu ndipo mumadziwana, imbani foni m'malo mongolemba. Imbani chakumadzulo kapena Loweruka m'mawa, osati Lolemba pamene ali pakati pa mabanki ndi maofesi. Mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana. Akapanda kuyankha, musaimbenso kachiwiri ndi kachitatu; lembani uthenga. Ukhoza kukhala wotere:

"Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndaona dzina la kampani yanu pa ntchito ya midadada ya sukulu ku Chiradzulu. Ndakondwera kwambiri. Ine amene ndinaona momwe munkaimirira pa ntchito ija ya ku Lunzu, mvula ikugwa koma osalola kuti silabu ithiridwe ndi mchenga wamatope, sindikudabwa kuti akusankhani. Mulungu akutsogolereni mpaka mudzaipereke. Zikakhazikika ndidzabwera ku ofesi kudzakupatsani moni."

Pomwe ndaika ntchito ya ku Lunzu, inu muikepo chinthu chenicheni chomwe munaona ndi maso anu. Pamenepo ndi pomwe pali mphamvu ya uthenga wonse. Kunena kuti "ndinu olimbikira" aliyense akhoza kunena, ngakhale amene sanafikepo pamalo ake antchito. Koma kutchula tsiku lomwe anabweza lole ya mchenga woipa, kapena mwezi womwe analipira anyamata ake ndalama zake zisanatuluke, kumasonyeza kuti mumamudziwa ngati katswiri. Kumamukumbutsanso, inu osanena, kuti pa ntchito imeneyo munalipo ndi lole yanu.

Chitseko chija chili pa chiganizo chomaliza chokha. Simunatchule malole, simunatchule mtengo. Mwangonena kuti mudzabwera. Munthu wa bizinesi amamva bwino lomwe tanthauzo lake, ndipo amayamikira kuti simunamukakamize kuyankha lero. Ena amada nkhawa kuti akapanda kutchula malole, ntchito itengedwa ndi wina. Mkuluyo akudziwa kale kuti muli ndi malole. Wakhala akukulipirani zaka zitatu. Chomwe sakudziwa n'chakuti mungathe ntchito yayikulu chonchi kapena ayi, ndipo zimenezo sizingayankhidwe mu uthenga wa mafuno abwino.

Pali nthawi imodzi yomwe ndingakuuzeni kuti chiganizo chomalizacho muchichotse. Ngati pakati panu pali nkhani yosatha, monga ndalama zomwe sanakumalizeni kapena matiripi omwe analipira inu osawakwaniritsa, yamikirani n'kuimira pomwepo. Akakhala kuti wangongole ndi iyeyo, mawu oti "ndidzabwera ku ofesi" awamva ngati mukubwera kudzatolera. Mukakhala kuti wolakwa ndinu, malizani kaye matiripi aja musanalote za ntchito yatsopano.

Za mphatso ndinene mwachidule. Simukufunika kupita ndi mbuzi kapena envulopu. Mphatso yayikulu panthawi ngati ino imaoneka ngati mukugula malo, ndipo imamumanga munthu manja. Ndipo musayese n'komwe kupereka kanthu kwa ogwira ntchito m'boma amene akuyang'anira ntchitoyo kuti akunenereni; chimenecho ndi chiphuphu, nkhani ya ACB, ndipo chikhoza kumugwetsera mnzanuyo kontirakiti yonse.

Tsopano masiku odikira. Kuti mudziwe tsiku loyenera kubwerera, muyenera kudziwa zomwe mkuluyo akudutsamo. Akalandira kalata yomupatsa ntchito, amafunika kupereka chikole chotsimikizira kuti aimaliza, chomwe chimachokera ku banki kapena ku kampani ya inshulansi, ndipo nthawi zambiri chimakhala pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa kontirakiti. Ngati akufuna ndalama zoyambira ntchito, amafunikanso chikole china cha ndalama zimenezo. Mabanki sapereka zimenezi ulele. Amafuna nyumba, malo kapena ndalama zosungitsa. Kenako amasainirana, kenako amakamuonetsa malo n'kumupatsa, ndiyeno amayamba kusamutsa zipangizo. Akamati walira mvula walira matope, kwa kontirakitala matope ake ndi amenewa: dzina lili m'nyuzipepala koma m'thumba ndi mouma kuposa kale.

Za amene atute katundu zimaganiziridwa pakati pa kusainirana ndi kulandira malo. Mukabwera asanasaine, mutu wake uli ku banki ndipo sakumvani. Mukabwera maziko atakumbidwa, mupeza malole a anthu ena akutsitsa kale. Choncho musawerenge masiku okha, tcherani khutu. Foromani wake kapena wosunga katundu, amene mumadziwana nawo kale, akhoza kukuuzani popanda vuto kuti malo akalandira liti. Ngati simukumva kanthu, patatha masabata awiri kuchokera tsiku lomwe munayamikira, lembani kuti: "Akuluakulu, ndinalonjeza kudzakuonani. Kodi Lachitatu kapena Lachinayi mungandipatse mphindi 20?"

Masabata awiri amenewa musangokhala. Tengani galimoto mupite ku Chiradzulu mukaone malowo nokha. Yezani makilomita kuchokera komwe mumagula kwale mpaka pasukulupo, ndipo mulekanitse a tala ndi a fumbi. Onani milatho ing'onoing'ono ndi zitunda: kodi lole ya matani 10 yodzaza ingadutse mu Januwale mvula ili pakati? Mwina mupeza kuti makilomita omalizira ndi a lole ya matani 7 yokha, ndipo zimenezo zimasintha mtengo. Funsani anthu akumeneko komwe kumapezeka mchenga wa kumtsinje wapafupi, amene amapereka chilolezo chokumba, ndi ndalama zomwe okweza amalipiritsa. Tapani mchenga pang'ono m'thumba. Pa ntchito zaboma injiniya woyang'anira amayenera kuvomereza mchenga ndi miyala zisanagwiritsidwe ntchito, ndipo mchenga wa dothi lambiri amaukana. Kuyesa kwake koyamba n'kosavuta: thirani mchenga m'botolo loonekera mkati, onjezani madzi, khutchumulani, musiye mpaka mawa. Dothi limakhala pamwamba pa mchenga ngati kamzere. Kamzereko kakakhala kokhuthala, funani mtsinje wina musanalonjeze munthu.

Konzaninso mapepala. Kontirakitala wa ntchito yaboma amafuna woperekera katundu amene ali ndi bizinesi yolembetsedwa, TPIN ya ku MRA, akaunti ya ku banki ya m'dzina la bizinesi, ndi buku la ma invoisi. Malole akhale ndi COF ndi inshulansi zosatha ntchito. Ambiri amataya mwayi pamenepa, osati chifukwa cha mtengo, koma chifukwa wowerengera ndalama wa kampaniyo sangalipire mamiliyoni pa nambala ya foni ya munthu.

Tsiku lokumana likafika, yambaninso ndi kuyamikira pamaso, mwachidule, kenako funsani musanagulitse. Ntchito ikuyamba liti? Midadada ingati, ndipo ili pasukulu imodzi kapena zingapo? Za mayendedwe a katundu mwakonza kale? Mayankho ake akuuzani pomwe pali mpata. Mwina ali ndi lole yake yotutira simenti ndi zitsulo kuchokera ku Limbe, koma alibe wa mchenga. Mwina wagwirizana kale ndi wina pa kwale. Musalimbane ndi malo odzaza, ndipo musanyoze amene wamusankhayo. Lowani pomwe pali pobooka.

Mukamva, ndiye nenani zomwe munakaona. Mwachitsanzo: "Ndinakafikako sabata yatha. Msewu ndi wabwino mpaka pa mphambano, koma chigawo chomaliza mvula ikayamba lole yayikulu sidzakwera. Ndikuganiza kuti kwale yense wa maziko ndi silabu akanatutidwa Novembala asanathe. Mchenga ndapeza wapafupi, nawu m'thumbamu, injiniya akhoza kuuona. Ngati mungalole, ndiyambe ndi matiripi 10 a mdadada woyamba. Mukakhutira, tikambirane zotsalazo."

Apa simukupempha chifundo. Mwamubweretsera yankho la vuto lomwe mwina anali asanaliganizire, ndipo mwapempha kachigawo kakang'ono komwe n'kosavuta kuvomera. Munthu amene wangosenza ntchito yayikulu amaopa kupereka mayendedwe onse kwa mwini malole awiri, ndipo akulondola: imodzi ikawonongeka, amisiri ake akhala pansi tsiku lonse akulipidwa. Muuzeni nokha, asanafunse, kuti lole ikafa mudzachita chiyani, monga kuti muli ndi mnzanu amene mumabwerekana naye galimoto. Musanene kuti mungathe matiripi asanu ndi limodzi patsiku pamene mukudziwa kuti mungathe atatu.

Pa mtengo, kumbukirani kuti iye analemba mitengo yake miyezi ingapo yapitayo pomwe ankapikisana, ndipo kawirikawiri anaifinya kuti apambane. Kontirakiti kukhala ya ndalama zambiri sizitanthauza kuti phindu lake ndi lalikulu. Mukakweza mtengo chifukwa mwaona mamiliyoni m'nyuzipepala, azindikira msanga, popeza mitengo yanu yakale akuidziwa. Yambirani pa mtengo womwe mumamulipiritsa kale, muonjezere za mtunda ndi msewu, ndipo mumuonetse momwe mwawerengera.

Koma pomwe ndikufuna mukhalepo nthawi ndi pa kalipiridwe, chifukwa ndi pomwe maubwenzi ambiri a mtunduwu amafera. Kontirakitala salipidwa tsiku ndi tsiku. Amagwira chigawo cha ntchito, injiniya amadzayeza n'kulemba satifiketi, satifiketiyo imayenda m'maofesi, ndipo ndalama zimatuluka patapita nthawi, atachotsaponso kagawo komwe amasunga mpaka ntchito itatha ndi kuonedwa kuti ilibe zolakwika. Kuchedwa kwa malipiro pa ntchito zaboma si nkhani yachilendo kuno kwathu. Iye akachedwetsedwa, amachedwetsa amene ali pansi pake, ndipo ameneyo ndinu.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Inu muikemo anu enieni. Tinene kuti tiripi imodzi ya kwale mukulipiritsa K400,000, ndipo kugula kwaleyo, dizilo, dalaivala ndi okweza zikukudyerani K300,000. Mukapanga matiripi 20 pamwezi, mwatulutsa K6,000,000 m'thumba mwanu, ndipo invoisi yanu ndi ya K8,000,000. Papepala mwapindula K2,000,000. Koma ngati malipiro akubwera patatha masiku 60, mudzakhala mutatulutsa K12,000,000 musanalandire kalikonse, osawerengera tayala lophulika kapena sipuling'i yothyoka pamsewu wafumbi. Kodi muli nazo? Ngati mulibe, mudzakatenga katapila, ndipo chiwongoladzanja chidzadya phindu lonse lija. Ndiye funso loti mudzifunse musanapite ku ofesiko si lakuti andipatsa ntchito yayikulu bwanji, koma lakuti ndingapirire ndalama zingati zili kunja. Ngati yankho ndi K3,000,000, malire anu ndi matiripi 10 osalipidwa, ndipo muwanene poyera.

Pali njira zochepetsera katunduyu zomwe kontirakitala wanzeru savuta kuvomera. Imodzi ndi yakuti kwale azigula yekha mwachindunji, inu muzilipiritsa kututa kokha. Ina ndi yakuti azikupatsani dizilo kapena ndalama ya dizilo pa tiripi iliyonse, zotsalazo n'kumalipira pakatha masabata awiri. Chomwe muyenera kukana mwaulemu ndi mawu akuti "tidzakulipirani akatilipira" opanda tsiku. Munganene kuti: "Akuluakulu, ndikumvetsa kuti ndalama zimachedwa. Koma ine mphamvu zanga zimathera pa matiripi 10. Tikafika pamenepo ndidzaima kaye mpaka atalipidwa, kuti tisadzakhumudwitsane." Kunena zimenezi pachiyambi si mwano. Mwano umadzaoneka pamene mwaimitsa malole mwadzidzidzi ntchito ili pakati.

Musaiwale msonkho womwe kampani imadula isanakulipireni. Kwa zaka zambiri wakhala 3 peresenti pa kuperekera katundu ndi 10 peresenti pa kututa katundu; tsimikizani ku Msonkho House momwe ulili panopa musanalembe koteshoni. Kusiyana kumeneku si kwamasewera. Pa K8,000,000, kudulidwa 3 peresenti ndi K240,000, pamene 10 peresenti ndi K800,000. Choncho invoisi inene zoona zake za chomwe mwachita, kugulitsa kwale wofikitsa pamalo kapena kungotuta wa eni ake, ndipo nthawi zonse muzitenga satifiketi yosonyeza kuti adula, chifukwa ndi yomwe mudzachotsere pa msonkho wanu wa pachaka.

Zomwe mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa tsamba limodzi, kapena akupatseni LPO, chikalata cha kampani choitanitsira katundu. Palembedwe mtengo wa tiripi, kukula kwa lole, komwe katundu akuchokera ndi komwe akutsitsidwa, masiku olipirira, ndi amene ali ndi mphamvu yosainira kuti katundu wafika. Palembedwenso kuti mtengo wa dizilo ukasintha mudzakhalanso pansi. Amene anali ndi mapangano a mtengo wosasintha mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akudziwa chifukwa chake. Pamalo antchito, tiripi iliyonse ikhale ndi kapepala kake kolembapo tsiku, nambala ya galimoto ndi siginecha ya wolandira, kamodzi katsale komweko kena kabwerere kwa inu. Mikangano yambiri imayambira apa: inu mukuti matiripi 20, wosunga katundu akuti 17, ndipo palibe pepala. Ena amachita manyazi kupempha zolemba kwa munthu amene amadziwana naye. Nenani kuti n'zothandiza owerengera ndalama a mbali zonse ziwiri, ndipo n'zoonadi.

Nanga akakana, kapena akangokhala chete? Phunzirani kumva mayankho athu. Munthu akakufunsani mtengo, akatenga thumba la mchenga lija, kapena akakutumizani kwa foromani n'kumuimbira inu muli pomwepo, ndiye kuti chitseko chatseguka. Tumizani koteshoni yolembedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Akanena kuti "tiona" osafunsa kalikonse, kawirikawiri ndiye kuti ali ndi munthu kale, mwina amene anamukongoza ndalama za chikole kapena amene analonjezana naye pomwe ankalemba tenda. Musamuumirize kuti afotokoze. Kumbutsani kamodzi patatha sabata, basi. Kenako muuzeni kuti: "Palibe vuto akuluakulu. Lole ina ikadzakuvutani pakati pa ntchito, mudzangondiimbira, ndili pafupi." Pa ntchito ya miyezi yambiri, yodutsa m'dzinja, tsiku lotere limafika ndithu. Ndipo ntchito zake zing'onozing'ono za mu Blantyre muno, zomwe mwakhala mukumututira, pitirizani kuzigwira pa mtengo ndi changu chomwe chija, chifukwa maso ake akakhala ku Chiradzulu adzafuna munthu woti asamamulondelonde kunoko.